Tsamba limodzi logona pakati pa masamba oimirira

Wophunzira walemba lipoti la kafukufuku la masamba makumi asanu mu Microsoft Word. Pa tsamba 23 pakufunika tebulo la mitengo ya chimanga m'misika, danga loyamba la maina a misika, ndi madanga ena khumi ndi awiri a miyezi ya chaka. Onse pamodzi madanga 13. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali. Mukachotsa mphepete za masentimita 2.54 uku ndi uku, potsala polemba ndi masentimita 15.92. Gawirani madanga 13 malo amenewo, lililonse lipeza masentimita 1.2 okha. Dzina la msika ngati Mitundu limaduka pakati, manambala amapindika, ndipo ambiri amathamangira kuchepetsa zilembo mpaka mphunzitsi amalephera kuwerenga ngakhale atavala magalasi.

Tsamba lomwelo mukaligoneka, polemba pamatambasuka kufika masentimita 24.62, pafupifupi masentimita 1.9 pa danga, ndipo tebulo limakwana bwinobwino. Vuto limabwera pogoneka. Munthu amadina Layout, kenako Orientation, nasankha Landscape, ndiye masamba onse makumi asanu agona. Wina amadziwako njira yogonekera tsamba limodzi, koma akayang'ana kunsi amapeza kuti tsamba 23 lasanduka tsamba 1, lotsatira nalonso 1. Apa ndi pomwe ena amagonja n'kukasindikiza tebulolo palokha, nambala n'kulemba ndi bolopeni. Zimandiwawa kuona ntchito ya miyezi yambiri ikuperekedwa chonchi, chifukwa chofunika kumvetsa n'chimodzi chokha.

Word sasunga malangizo a tsamba lililonse palokha. Kugona kapena kuimirira kwa pepala, kukula kwa mphepete, zolembedwa pamwamba ndi kunsi, komanso kawerengedwe ka masamba, zonsezi amazisunga m'magawo. Chikalata chatsopano chimakhala gawo limodzi, n'chifukwa chake mukagoneka tsamba limodzi onse amagona. Kuti tebulo ligone lokha, liyenera kukhala m'gawo lakelake, lokhala ndi malire kumtunda ndi malire kumunsi.

Musanayambe, dinani kachizindikiro ka ¶ pa Home kuti zobisika zioneke. Popanda kutero mudzakhala mukudula ndi kufufuta malire omwe simukuwaona. Kenako ikani kamzere kophethira kaja kumayambiriro kwa mawu ofotokoza tebulo, aja akuti Tebulo 4 ndi mutu wake, osati m'kati mwa tebulo. Mawu amenewa ayenera kupita limodzi ndi tebulo ku tsamba logona. Akatsala m'mbuyo, owerenga adzaona mutu pa tsamba 22 pomwe tebulo lili pa 23. Dinani Layout, Breaks, ndipo pansi pa Section Breaks musankhe Next Page. Pitani pa mzere woyamba wotsatira tebulo, chitaninso chimodzimodzi. Tsopano dinani penapake m'tebulomo, musankhe Orientation ndi Landscape. Ligona tsamba lokhalo.

Pamndandanda wa Breaks paja pali ena ofanana maina amene amasocheretsa. Page, amenenso amabwera ndi Ctrl+Enter, amangokudumphitsani ku tsamba lina koma gawo n'lomwelo, motero sathandiza. Odd Page ndi Even Page amadula gawo ndithu, koma amatha kulowetsa tsamba lopanda kanthu posindikiza pofuna kuti gawo latsopano liyambire pa nambala yoyenera. Palinso njira yachidule: kusankha tebulo ndi mawu ake, kutsegula Page Setup, kusankha Landscape, ndi kuika Selected text pa Apply to. Word amaika yekha malire awiri aja. Njirayi ndi yabwino, koma siyikupulumutsani ku zomwe zikutsatirazi.

Tibwerere ku lipoti lija. Monga malipoti ambiri a kukoleji, linali kale ndi magawo awiri. Loyamba ndi la masamba a kutsogolo, a mawu othokoza ndi zam'katimu, owerengedwa i mpaka vi. Lachiwiri limayamba ndi mutu woyamba, ndipo kuti liyambire pa 1, wolemba anatsegula Format Page Numbers nasankha Start at: 1. Anachita bwino. Koma podula gawo lachiwiri pawiri ponse, magawo akhala anayi, ndipo awiri atsopanowo atengera malangizo onse a gawo lomwe adulidwamo. Make mbuu, mwana mbuu. Gawo 3, la tebulo, nalo lili ndi lamulo lakuti yambira pa 1. Gawo 4, la masamba otsala, chimodzimodzi. N'chifukwa chake manambala amayenda 21, 22, 1, 1, 2, 3. Palibe chomwe chaonongeka. Word akungomvera lamulo lomwe linakopedwa kawiri.

Kukonza kwake n'kosavuta. Dinani kawiri kunsi kwa tsamba logona. Paoneka kachikwangwani kolembedwa Footer -Section 3-, kokutsimikizirani gawo lomwe mulimo. Pa Page Number sankhani Format Page Numbers, ndipo pansi pa Page numbering musankhe Continue from previous section. Tsambalo libwerera kukhala 23. Pitani pa tsamba loyamba la gawo 4, chitaninso zomwezo, likhala 24. Gawo 2 musaligwire, chifukwa ilo likuyeneradi kuyambira pa 1.

Pali njira ina yomwe imaoneka yanzeru koma ndi msampha: kulemba 23 ndi 24 m'kabokosi ka Start at. Lero manambala alondola. Mawa mphunzitsi akakuuzani kuti muonjezere ndime ziwiri m'mutu wachiwiri, tebulo lidzakankhidwira kutsogolo, ndipo mudzakhala ndi masamba awiri otchedwa 23. Continue from previous section amawerenga yekha nthawi iliyonse zolemba zikakula kapena kuchepa.

Nthawi zina nambala siyibwerera ku 1 koma imangosowa. Mukaona choncho, yang'anani ngati kabokosi ka Different First Page kali kochongedwa. Anthu amakachonga kuti tsamba loyamba lisaonetse nambala, ndipo nako kamatengeredwa ku magawo atsopano. Popeza tsamba la tebulo ndi loyamba m'gawo lake, limabisa nambala, ndipo tsamba lotsatira nalonso limabisa. Chotsani chongi chimenecho m'gawo 3 ndi gawo 4, manambala aonekanso.

Ambiri amasokoneza kuwerenga kwa masamba ndi batani la Link to Previous, poganiza kuti akalizimitsa manambala akonzeka. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Link to Previous amalamulira zomwe zalembedwa kunsi kapena pamwamba, ndi pomwe zakhala. Salamulira kuti kuwerenga kuyambire pati. Akakhala woyaka, pakona pamalembedwa Same as Previous, kutanthauza kuti magawo awiriwo akugawana chinthu chimodzi. Mukafufuta nambala pa tsamba logona ali woyaka, yafufutika m'magawo onse olumikizana.

Ndiye mungamuzimitse liti? Pokhapokha ngati nambala yakhala pamalo polakwika. Izi zimachitika nambala ikakankhidwira kumanja ndi batani la Tab, chifukwa poimira Tab paja panayezedwa pa tsamba loimirira. Pa tsamba logona nambalayo imatsala masentimita angapo isanafike kumphepete. Langizo langa n'lakuti musazimitse kanthu: chotsani ma Tab, muike nambala pakati kapena kumanja ndi mabatani a Center kapena Align Right, ndipo idzakhala pamalo pake m'masamba a mitundu yonse iwiri. Koma ngati kunsiko kuli zinthu ziwiri, monga mutu wa lipoti kumanzere ndi nambala kumanja, zimitsani Link to Previous m'gawo 4 poyamba, kenako m'gawo 3, musanasinthe chilichonse. Mukayamba ndi kusintha gawo 3, gawo 4 likadali lolumikizidwa, masamba onse otsatira adzatengera zomwe munakonzera tsamba logona. Kumbukiraninso kuti pamwamba ndi kunsi pali mabatani ake osiyana. Kuzimitsa kwina sikuzimitsa kwinako.

Makoleji ena amafuna kuti lipoti likamangidwa kukhala buku, nambala ya tsamba logona ikhale pomwe pali manambala a masamba ena. Zikatero nambalayo imaikidwa m'kabokosi ka Text Box kotembenuzidwa, chakumanzere kwa tsamba logonalo monga likuonekera pa kompyuta. Ndi ntchito yofuna kufatsa, choncho funsani kaye ngati malamulo a kwanuko akufunadi zimenezi.

Tebulo lenilenilo silidzitambasula lokha nthawi zonse. Dinani m'kati mwake, musankhe AutoFit ndi AutoFit Window kuti lidzaze m'lifupi monse. Dziwaninso kuti mwapindula m'lifupi koma mwataya m'litali: tsamba logona lili ndi masentimita 15.92 okha kuchokera pamwamba kufika pansi. Misika ikakhala yambiri, tebulo lidutsira ku tsamba lachiwiri logona, ndipo Repeat Header Rows amathandiza kuti maina a miyezi aonekenso pamwamba pa tsambalo. Tebulo likadzaza tsamba mpaka pansi penipeni, malire a gawo amakankhidwira ku tsamba lina, n'kubadwa tsamba logona lopanda kanthu. Musafufute malirewo. Chepetsani zilembo za mzere womwe ali, kapena finyani pang'ono mizere ya tebulo, abwerera.

Chifukwa chomwe ndikuletsera kufufuta n'chakuti malire a gawo ndi omwe amasunga malangizo a zolemba zomwe zili pamwamba pake. Mukafufuta a kumunsi kwa tebulo, tebulo limatenga malangizo a gawo 4 n'kuimiriranso. Mukafufuta a kumtunda, masamba 1 mpaka 22 amalowa m'gawo la tebulo, onse amagona, ndipo lamulo lija loyambira pa 1 limapita, moti mutu woyamba uyambira pa 7 kupitiriza pomwe vi anathera. Mukaona zotere, Ctrl+Z msanga musanalembe china chilichonse.

Manambala a matebulo, ngati munawaika ndi Insert Caption, sakhudzidwa ndi magawo. Tebulo 4 likhalabe pakati pa 3 ndi 5. Mawu a m'munsi amayambiranso pa 1 pokhapokha ngati Numbering yawo inaikidwa pa Restart each section, ndipo kuisintha kukhala Continuous kumathetsa nkhaniyo. Tsamba la zam'katimu ndiye silidzikonza lokha: kanikizani Ctrl+A kenako F9, musankhe Update entire table.

Musanapite kosindikiza, sungani lipotilo ngati PDF, chifukwa kompyuta ya kumeneko ikhoza kusuntha mizere ngati ilibe mtundu wa zilembo womwe munagwiritsa ntchito. Tsegulani PDF yo muone masamba atatu ndi maso anu: lakumbuyo kwa tebulo, la tebulo, ndi lotsatira. Akawerengeka 22, 23, 24, pitani mukasindikize.