Mzere wofiira wa haidrojeni

Mukadutsitsa magetsi mu mpweya wa haidrojeni wotsekeredwa m'chubu, mpweyawo umawala. Kuwalako kukamwazidwa ndi pirizimu, pamaoneka mizere inayi yokha: wofiira, wobiriwira ndi iwiri yofuwirira ngati chibakuwa. Johann Balmer anapeza masamu a mizereyi mu 1885, koma amene anafotokoza chifukwa chake ndi Niels Bohr mu 1913.

Elekitironi ya mu atomu ya haidrojeni siikhala paliponse. Ili ndi masitepe ake, ndipo mphamvu ya sitepe iliyonse ndi E = −13.6/n² eV. Ikatsika sitepe, mphamvu yotsalayo imatuluka ngati kuwala.

Titenge mzere wofiirawo, womwe ine ndimauona kuti ndi poyambira pabwino. Elekitironi ikuchoka pa n = 3 kupita pa n = 2. Sitepe yachitatu ili ndi −1.51 eV, yachiwiri −3.40 eV, choncho kusiyana kwake ndi 1.89 eV. Kuti tipeze utali wa funde, tigwiritsa ntchito λ = 1240/ΔE. Tikagawa 1240 ndi 1.89 tipeza mananomita 656, kufiira kwenikweni.

Ophunzira ambiri amaphonya poiwala kuchulukitsa n ndi iyo yomwe. Pozindikirira ndi apa: mizere yonse yothera pa n = 2 imagwa pakati pa mananomita 365 ndi 656. Yankho likatuluka kunja, bwererani.

Yothera pa n = 1, ya Lyman, maso saiona; kuchoka pa 2 kufika pa 1 kumapereka mananomita 122.