Kutumiza zikalata zanu pa imelo kuchokera pa printa

Ofunsira ntchito ambiri amajambula satifiketi yawo ndi foni, chithunzi n'kutuluka chopendekera, chokhala ndi mthunzi wa dzanja. Printa imene imasindikiza, kukopera ndi kusikana imakonza zimenezi m'mphindi zochepa.

Tinene kuti muli ndi masamba atatu: kalata, satifiketi ndi chiphaso. Chotsani mapini onse poyamba, chifukwa pini imodzi yokha imang'amba pepala likamalowa m'chokokera cha pamwamba. Chiphaso ndi satifiketi yakale musazilowetse m'chokokeramo. Ziikeni pagalasi, zolembazo zitayang'ana pansi.

Pa sikirini sankhani Scan, kenaka PDF osati JPEG. JPEG imagawa masamba atatuwo kukhala mafayilo atatu, pomwe PDF imawasonkhanitsa mu fayilo imodzi yomwe wolandira amawerenga motsatana.

Anthu ambiri amalakwitsa pa kuchuluka kwa timadontho. Zolemba wamba 200 kapena 300 dpi zimakwana. Mukakweza kufika 600 ndi mitundu, fayilo imatupa, ndipo Gmail salola chomata choposa 25 MB. Ine ndimasankha Grayscale, pokhapokha chidindo chikufunika kuoneka mtundu wake.

Printa ikakhala yolumikizidwa kale ndi imelo, dinani Scan to Email n'kulemba adiresi. Koma ndi bwino kudzitumizira nokha kaye. Tsegulani fayiloyo, onani ngati palibe tsamba lozondoka kapena mzere wakuda wochokera pagalasi lakuda, ipatseni dzina lomveka, kenako muitumize. Musaiwale kuchotsa chiphaso chanu pagalasi musanachoke.