Makina Oyeza Mpweya Nawonso Amafuna Kuyezedwa

Makina oyeza mpweya wapoizoni wa CO amasokonekera pang'onopang'ono, choncho mmisiri amawayeza ndi masilinda awiri. Amayamba ndi mpweya wopanda CO, monga naitirojeni, kenako amakonza makinawo kuti aloze 0. Akatero amalowetsa mpweya wodziwika mlingo wake. Ngati satifiketi ya silinda yalemba 402 ppm koma makina akuonetsa 385, amawakweza kufika pa 402, osati 400 imene anaitanitsa.

Satifiketiyo ndiyo yofunika kuiwerenga mofatsa. Nambala yake ifanane ndi yapasilinda, ndipo tsiku lothera ntchito lisakhale litadutsa. Mipweya ina, monga H2S, imachepa mphamvu m'silinda yokhalitsa. Mukakonzera makina pa silinda yotere, adzidzaonetsa nambala zopitirira zenizeni.