Mtengo wa madzulo wafika bwanji m'mawa?

Amene amagula ndi kugulitsa masheya kapena ndalama zakunja pa intaneti amakhalira kuyang'ana tchati yodzaza ndi timizati tofiira ndi tobiriwira. Timizati timeneti amatitcha makandulo. Kandulo iliyonse imaimira nthawi yoikika, kaya mphindi zisanu, ola limodzi kapena tsiku lathunthu, ndipo imanena zinthu zinayi: mtengo umene malonda anayambira, pamene unakwera kwambiri, pamene unatsika kwambiri, ndi pamene unatsekera. Pa TradingView, imodzi mwa mawebusaiti amene anthu amaonera matchati otere, munthu atha kulemba kapulogalamu kakekake m'chilankhulo chotchedwa Pine Script. Kapulogalamuko, kamene eni ake amati sikiripiti, kamayenda kandulo ndi kandulo kuchokera kale mpaka lero, kuwerengetsera ndi kulemba zizindikiro zoti apa gula, apa gulitsa.

Vuto limayamba munthu akafuna kuona ziwiri nthawi imodzi. Iye ali pa tchati ya ola limodzi, koma akufunanso kudziwa zimene kandulo ya tsiku ikunena. N'zomveka ndithu, pakuti ola limodzi limangoonetsa kugwedezeka kwa mtengo, pomwe tsiku limaonetsa kumene mtengowo ukulowera. Pine Script ili ndi lamulo lochitira zimenezi, `request.security`, limene limapita ku tchati ya tsiku kukatenga nambala n'kuibweretsa pa tchati ya ola. Koma kandulo ya tsiku ndi imodzi, pomwe ya ola ndi ingapo. Nambala imodziyo iikidwe pa kandulo iti?

Tiyeni titenge sheya yogulitsidwa pa msika wa ku New York. Msikawu umatsegula 9:30 m'mawa n'kutseka 4 koloko madzulo, nthawi ya kumeneko, choncho tsiku limodzi limakhala ndi makandulo a ola asanu ndi awiri. Yoyamba imayamba 9:30, yomaliza imayamba 3:30 ndipo ndi ya theka la ola chabe. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti Lolemba sheyayo inatsekera pa madola 100. Lachiwiri ola loyamba linathera pa 101, mtengo n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kutsekera pa 104. Mwini sikiripiti waika lamulo lakuti: mtengo wotsekera tsiku ukaposa avereji ya masiku 20, gula. Avereji imeneyo ili cha pa 102. Ndiye kuti Lolemba yankho linali ayi, Lachiwiri yankho ndi inde. Koma inde ameneyo wadziwika 4 koloko madzulo, msika utatseka.

Tsopano onani mzere uwu, umene umaoneka wosalakwa:

```
lero = request.security(syminfo.tickerid, "1D", close, lookahead = barmerge.lookahead_on)
```

Mawu akuti `lookahead_on` akuuza pulogalamu kuti nambala ya tsiku iikidwe kuyambira pa kandulo yoyamba ya tsikulo. Pa mitengo yakale, TradingView ili nayo kale nambala yomaliza ya Lachiwiri, ndiye imangoipereka. Kandulo ya 9:30 m'mawa imalandira 104. Sikiripiti imaona kuti 104 yaposa 102, n'kugula ola loyamba likangotha, pa mtengo wa 101. Pofika madzulo yapindula madola atatu pa sheya iliyonse. Munthu weniweni wokhala pa kompyuta m'mawa umenewo sakanatha kutero, chifukwa 104 inali isanachitike. Sikiripitiyo yalowa m'mayeso ndi likasa m'thumba, ndipo ikuchita zimenezi tsiku lililonse la zaka zonse zimene zili pa tchati. N'chifukwa chake zotsatira za pa Strategy Tester, pamene munthu amayesera njira yake pa mitengo yakale, zimatuluka zokoma mokayikitsa, mzere wa phindu wongokwera osapunthwa. Ukaiika pa msika wa lero, likasa lija kulibe, pakuti madzulo a lero sanafike.

Kale zimenezi zinkachitika munthu osapempha n'komwe. M'mitundu iwiri yoyambirira ya Pine Script, lamuloli, limene nthawi imeneyo linkangotchedwa `security`, linkayang'ana kutsogolo mwa lokha. Mtundu wachitatu utatuluka mu 2017 anasintha, kuti wosatchula kanthu alandire `lookahead_off`. Dzina lakuti `request.security` linabwera ndi mtundu wachisanu mu 2021. Ndiye mukatola sikiripiti yakale yolembedwa `//@version=2` pamwamba pake, ichenjereni ngakhale mulibe mawu akuti `lookahead` paliponse.

Wina anganene kuti basi nkhani yatha, ingozimitsani `lookahead`. Kubera kumathadi. Pa mitengo yakale, 104 ija imaonekera pa kandulo yomaliza ya Lachiwiri, ya 3:30, imene imatseka limodzi ndi tsikulo, ndipo makandulo asanu ndi limodzi oyambirira amakhalabe ndi 100 ya Lolemba. Apo palibe chinyengo. Koma pali vuto lina lochenjera kuposa loyamba, limene limaoneka msika ukakhala wotsegula. Kandulo ya tsiku la lero isanatseke, `close` yake ndi mtengo wa mphindi ino, ndipo imasuntha mtengo ukasuntha. Tinene kuti Lachinayi masana mtengo wakwera kufika 103, kuposa avereji ija. Sikiripiti ikujambula kamuvi koti gula, foni n'kulira. Madzulo mtengo wabwerera, watsekera pa 101. Mawa lake mutsegulanso tchati, pulogalamu iwerengetsera zonse mwatsopano, Lachinayi tsopano lasanduka mbiri, ndipo kamuvi kaja kulibe. Tchati ikuonetsa ngati sikiripiti sinanenepo kanthu, pomwe inu munagula. Amalonda amati sikiripiti yotere imapentanso, kutanthauza kuti zimene inajambula dzulo yazifufuta n'kujambula zina. Kwa ine vuto ili ndi lowawa kwambiri, chifukwa umboni wake umadzifufuta wokha, munthu n'kuyamba kudzikayikira kuti mwina ndinaona molakwa.

Njira imene imathetsa mavuto onse awiri imadabwitsa poyamba, chifukwa imagwiritsa ntchito `lookahead_on` yemwe uja tamudandaulayu:

```
//@version=6
indicator("Dzulo", overlay = true)
dzulo = request.security(syminfo.tickerid, "1D", close[1], lookahead = barmerge.lookahead_on)
plot(dzulo)
```

Kusiyana kwake ndi `[1]` yekhayo. Mu Pine Script, `close[1]` ndi mtengo wotsekera wa kandulo yapitayo. Popeza yalembedwa mkati mwa `request.security`, imawerengedwa pa tchati ya tsiku, choncho ikutanthauza dzulo. Zinthu ziwirizi zikugwirira ntchito limodzi motere: `[1]` akuti usatenge ya lero, tenga ya tsiku limene latha kale, ndipo `lookahead_on` akuti nambalayo uipereke kuyambira kandulo yoyamba ya m'mawa, usadikire madzulo. Kuyang'ana kutsogolo kulibenso choipa, pakuti chimene chikuperekedwa m'mawacho n'chinthu chimene aliyense anachidziwa usiku wathawu. Pa chitsanzo chathu, makandulo onse asanu ndi awiri a Lachiwiri amaona 100. Kandulo ya 9:30 Lachitatu imaona 104. Msika ukhale wotsegula, kapena mutsegule tchatiyo chaka chamawa, nambala ndi yomweyo pa kandulo yomweyo.

Ziwirizi sizisiyana. Mukasiya `[1]` n'kuchotsa `lookahead_on`, mbiri imachedwa kawiri: 104 ya Lachiwiri imadzaonekera pa kandulo yomaliza ya Lachitatu, pafupifupi tsiku lonse litapita pachabe, pomwe msika uli wotsegula ikanaoneka m'mawa. Mbiri ndi lero zasiyananso. Kulakwitsa kwina kofala ndi kuika `[1]` kunja, pambuyo pa bulaketi yotsekera. Pamenepo sakutanthauzanso dzulo, akutanthauza ola lapitalo, chifukwa kunjako ndi ku tchati ya ola. Ndiye 104 m'malo mofika 9:30 ifika 10:30, kuberako kwangochedwa ndi ola limodzi. Avereji nayonso iyenera kubwezedwa m'mbuyo chimodzimodzi, ndipo mkati momwemo:

```
avereji = request.security(syminfo.tickerid, "1D", ta.sma(close, 20)[1], lookahead = barmerge.lookahead_on)
```

Popanda `[1]` ameneyo, avereji ya masiku 20 imakhala itameza kale mtengo wa madzulo a lero. Imangosuntha pang'ono, gawo limodzi mwa magawo 20, moti diso silingaone, koma pa masiku amene mtengo uli pafupi ndi avereji, pang'onopo ndi pamene pamagamula kugula kapena kusagula. Mtengo wokwera kwambiri ndi wotsika kwambiri wa tsiku, `high` ndi `low`, nawonso sadziwika mpaka tsiku litatha. Wotsegulira yekha, `open`, ndi amene mungautenge ndi `lookahead_on` popanda kubwerera m'mbuyo, poti umadziwika msika ukangotsegula ndipo susinthanso.

Nanga mungadziwe bwanji kuti sikiripiti, yanu kapena ya wina, ikubera? Njira yosavuta ndi kujambula nambalayo ndi `plot` n'kuyang'anitsitsa tsiku limodzi. Pamatuluka mzere wooneka ngati masitepe, sitepe imodzi pa tsiku. Ikani chala pa sitepe ya Lachiwiri n'kuitsatira kupita kumanja. Ngati sitepeyo yayamba m'mawa ili m'mwamba, makandulo n'kumakwera kuilondola mpaka yomaliza kukatsekera ndendende pa mzerewo, ndipo mawa lake n'chimodzimodzi, mzerewo unadziwiratu. Pa sikiripiti yoona, sitepe ya lero imayambira pamene kandulo yomaliza ya dzulo inathera, kenako mtengo umapita kwake osaulabadira. Njira yachiwiri imafuna kuleza mtima: siyani tchati yotsegula maola angapo msika uli mkati, jambulani chithunzi cha sikirini, itseguleninso, yerekezani. Kamuvi kakasowa kapena kusamuka, sikiripitiyo ikupentanso. TradingView yokha salola kuti anthu afalitse masikiripiti oonetsa zam'tsogolo pa makandulo akale, koma zimene munthu amalandira kwa mnzake kapena kugula kwa wamalonda wongoonetsa chithunzi cha phindu palibe amene waziunika.

Njirayi ili ndi mtengo wake, ndipo palibe chifukwa choubisira. Mukuyenda ndi nkhani ya dzulo. Lachiwiri lonse sheya ikukwera kuchoka pa 101 kufika 104, sikiripiti ili phee. Imadzagula Lachitatu ola loyamba likatha, mwina pa 104, mwina pa 105 ngati msika watsegulira pamwamba. Ngati kandulo yaikuluyo ndi ya sabata, nambala imene mukugwiritsa ntchito Lachisanu ndi ya Lachisanu lapitalo. Amene sakufuna kudikira chonchi atha kusankha kandulo yocheperako, monga ya maola anayi, yolembedwa `"240"` chifukwa amawerenga mphindi. Chofunika n'chakuti kandulo yopemphedwayo ikhale yaikulu kuposa ya pa tchati. Mukasintha tchati kupita ku ya sabata sikiripiti idakapemphabe `"1D"`, zonse tafotokozazi sizigwiranso.

Mukangokonza mzerewo, bwererani ku Strategy Tester. Kawirikawiri phindu lija limagwa, nthawi zina mpaka kusanduka kuluza, ndipo pa mndandanda wa malonda mupeza kuti kugula kwa Lachiwiri 10:30 pa madola 101 kwachoka, m'malo mwake mwalembedwa Lachitatu.