Mmene katundu wa thiransifoma amaonekera kolowera magetsi

Thiransifoma ili ndi makoyilo awiri: pulayimale, yolandira magetsi, ndi sekondale, yomwe imadyetsa chipangizo monga babu, chotchedwa katundu. Powerengera, akatswiri amayamba ndi thiransifoma yongoganizira, yosataya mphamvu ngakhale pang'ono.

Katundu aliyense amakaniza magetsi pa mlingo wake. Mlingowu ndi impidansi, ndipo umayezedwa m'maomu. Gwero la magetsi siligundana ndi katunduyo, komabe limamva kulemera kwake kudzera m'maginito a m'chitsulo cha pakati. Impidansi yooneka ku pulayimale imapezeka motere:

Z1 = (N1/N2)² × Z2

N1 ndi N2 ndi mipindo ya waya pa makoyilowo. Mwachitsanzo, pulayimale ya mipindo 1,000 yapatsidwa mavoti 240, sekondale ili ndi mipindo 100, ndipo katundu ndi wa maomu 6. Chiŵerengero cha mipindo ndi 10, choncho gwero limaona 10 × 10 × 6, omwe ndi maomu 600. Kugawa 240 ndi 600 kumapereka maampeya 0.4 ku pulayimale.

Chiŵerengerocho chimachulukitsidwa kawiri chifukwa ku pulayimale mavoti ndi ochuluka kakhumi pomwe maampeya ndi ochepa kakhumi. Apa m'pamene ambiri amaphonya: akachulukitsa kamodzi amapeza maomu 60 ndi maampeya 4. Mawati ndiwo amaulula cholakwacho. Sekondale ili ndi mavoti 24 ndi maampeya 4, kutanthauza mawati 96, ndipo 240 × 0.4 ndi 96 yomweyo. Yankho lolakwalo likanapereka 960.

Thiransifoma yeniyeni imakoka maampeya oposerapo pang'ono, chifukwa chitsulo chimafuna magetsi opangira maginito ngakhale katundu atachotsedwa.