Heterosikedasitisiti pa pepala la mayeso: kuizindikira ndi kusankha mankhwala ake

Mukafunsa mabanja khumi opeza ndalama zochepa kuti pa mwezi amawononga zingati pa chakudya, mayankho awo sasiyana kwenikweni. Ufa, ndiwo, mchere, timafuta pang'ono, basi. Thumba lenilenilo ndilo likuwalamula. Funso lomwelo mulifunse kwa mabanja khumi opeza bwino. Lina limadya nyama tsiku ndi tsiku, lina likumanga nyumba ndiye likungodya nyemba, lina likudyetsa abale asanu ndi atatu ochokera kumudzi. Mayankho amwazikana kwambiri.

Kusiyana kumeneku kuli ndi dzina lalitali limene limaopseza ophunzira zachuma mayeso akayandikira: heterosikedasitisiti. Mawuwa ndi ochokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kumwazikana kosafanana. Ambiri amaliloweza dzinali bwinobwino, koma malikisi amatayira pena: amasokoneza chimene chawonongeka ndi chimene chikadali bwino, kenako nkulemba mankhwala osayang'ana zimene funso lawapatsa.

Tiyambe ndi rigireshoni yeniyeniyo. Ndi njira yojambula mzere umodzi pakati pa madontho ambiri, dontho lililonse likuimira banja limodzi, kuti tione mmene chinthu china chimasinthira china chikasintha. Palibe banja limene limakhala pa mzerewo ndendende. Lina lili pamwamba, lina pansi, ndipo mtunda wochoka pa mzere kukafika pa dontho timautcha chotsalira. Njira yodziwika kwambiri, imene pa pepala imalembedwa OLS, imasankha mzere umene zotsalira zake, zikachulukitsidwa chilichonse ndi chokha nkuphatikizidwa, zimapereka chiwerengero chochepetsetsa. Pamene ikuuzani kuti nambala zake muzikhulupirire motani, njirayi imaganiza kuti zotsalira zamwazikana mofanana paliponse, kwa osauka ndi kwa olemera. Pa nkhani ya chakudya, ganizo limeneli ndi labodza.

Tiyerekeze funso la mayeso. Mwapatsidwa mabanja 200, ndalama zikuwerengedwa m'masauzande a kwacha pa mwezi, ndipo zotsatira zake ndi izi, nambala za m'munsizo zikhala masitandadi era:

```
chakudya = 40 + 0.30 ndalama + 5.0 anthu
se:             0.04           2.2
n = 200    R² = 0.62
```

Nambala ya 0.30 ikuti ndalama zikakwera ndi K1,000, za chakudya zimakwera ndi K300. Nambala ya 5.0 ikuti munthu mmodzi akawonjezeka pabanja, za chakudya zimakwera ndi K5,000. Sitandadi era ndi muyezo wa chikayiko: imakuuzani kuti nambalayo ikanasuntha bwanji mukanafunsa mabanja ena 200.

Apa ndi pamene malikisi oyamba amapezeka kapena kutayika. Heterosikedasitisiti sipotoza 0.30 kapena 5.0. Ngati zina zonse zili m'malo, nambalazi sizipendekera mbali imodzi. Mutabwereza kafukufukuyu kambirimbiri, pakatikati pake pangakhale pa choonadi. Chimene chawonongeka ndi 0.04 ndi 2.2, chifukwa fomula imene inazibala inadalira kumwazikana kofanana. Zikalakwika izi, mayeso onse a t ndi F omangidwa pa izo sangadaliridwe. Chachiwiri, OLS yasiya kukhala njira yolondola koposa, popeza ikumvera banja lomwazikana kwambiri mofanana ndi banja limene nambala yake ndi yokhazikika. Wophunzira wolemba kuti makowefishenti apotoka wataya funso pa mzere woyamba, ngakhale masamu onse otsatirawo atakhala olondola.

Kuizindikira kumayamba ndi maso. Ikani zotsalira pa girafu, ndalama zikhale cham'mbali. Zikakhala ngati lamba wofanana m'lifupi mwake, palibe chodetsa nkhawa. Zikayamba zothinana kumanzere nkumatambasuka kumanja ngati kukamwa kwa fanulo, ndi imeneyo. Koma girafu siyokwanira pa mayeso, chifukwa anthu awiri akhoza kuiona mosiyana. Pamafunika nambala.

Trevor Breusch ndi Adrian Pagan anafalitsa njira yawo mu 1979, ndipo nzeru yake ndi yosavuta. Ngati kumwazikana kumakula ndalama zikamakwera, ndiye kuti ndalama ziyenera kulosera kukula kwa zotsalira. Choncho mumatenga chotsalira chilichonse nkuchichulukitsa ndi chokha, kuti kukhala pamwamba kapena pansi pa mzere kusakhalenso nkhani, ndipo mumachita rigireshoni yachiwiri, ya zotsalira zimenezi pa ndalama ndi anthu. Ganizo loyambira ndi lakuti kumwazikana nkofanana. Tinene kuti funso lakupatsani R² ya rigireshoni yachiwiriyi kuti ndi 0.08:

```
LM = n × R² = 200 × 0.08 = 16
χ²(2), 5% = 5.99
```

Popeza 16 yaposa 5.99, ganizo loyambira likukanidwa: heterosikedasitisiti ilipo. Misampha ilipo iwiri, ndipo wokonza mayeso amaitchera dala. Woyamba ndi 0.62 ija. Yaikidwa pamwamba penipeni, ndipo wothamanga amaichulukitsa ndi 200 nkupeza 124, nambala yopanda tanthauzo lililonse pano. R² yofunika ndi ya rigireshoni yachiwiri. Msampha wina ndi 2 wa m'kati mwa χ²(2). Ameneyu ndi chiwerengero cha zinthu zolosera za mu rigireshoni yachiwiri, osawerengera nambala yokhazikika ija. Chikanakhala chinthu chimodzi, malire akanakhala 3.84.

Halbert White, mu 1980, anakulitsa ukonde. Mu rigireshoni yachiwiri iye amaikamo ndalama, anthu, sikweya ya chilichonse, ndiponso ndalama kuchulukitsa ndi anthu. Zonse zakwana zisanu, ndipo malire asanduka 11.07. Ubwino wake ndi wakuti imagwira kumwazikana kokhotakhota kumene njira yoyamba ingakuphonye. Kuipa kwake ndi kwakuti zolosera zikachuluka, ukondewo umakula msanga nkufooka ngati mabanja ndi ochepa. Komanso imatha kukuwa pa chifukwa china: mwina mzere wowongoka sunali woyenera, ubale wa ndalama ndi chakudya ndi wopindika. Izitu si zachilendo. Ernst Engel anaona kale mu 1857 kuti banja likamalemera, gawo la ndalama lopita ku chakudya limachepa. Chiganizo chimodzi chonena kuti kukanidwaku kungachokerenso ku mzere wolakwika chimaonetsa woyesa kuti mukumvetsa, simunangoloweza. Ndipo mayeso akalephera kukana, musalembe kuti mwatsimikiza kuti kumwazikana nkofanana. Lembani kuti umboni sunapezeke.

Tsopano mankhwala. Musanalembe kanthu, werenganinso funso ndipo mufufuze chinthu chimodzi: kodi lakuuzani mmene kumwazikanako kumakulira?

Ngati silinakuuzeni, yankho lanzeru ndi kusiya 0.30 ndi 5.0 momwe zilili nkukonza masitandadi era okha. Njira yake ili mu ntchito yomweyo ya White ya 1980: m'malo moganiza kuti mabanja onse ali ndi kumwazikana kumodzi, imagwiritsa ntchito sikweya ya chotsalira cha banja lililonse. Mu Stata ndi mawu ochepa chabe:

```
regress chakudya ndalama anthu, vce(robust)
```

Tiyerekeze kuti 0.04 yasanduka 0.07 ndipo 2.2 yasanduka 3.0. Pa ndalama, t yatsika kuchoka pa 7.5 kufika pa 4.3, ikadali pamwamba pa malire a 1.96, ndiye chigamulo sichinasinthe. Pa anthu, t inali 2.27, tsopano ndi 1.67. Poyamba tikananena motsimikiza kuti kukula kwa banja kumakweza za chakudya. Tsopano mabanja 200 amenewa sakukwanira kutsimikizira. Nambala ya 5.0 sinasunthe, chasintha ndi mmene tingaikhulupirire. Musalembe kuti masitandadi era okonzedwa amakhala aakulu nthawi zonse. Kawirikawiri amatero, koma amathanso kuchepa. Muwonjezerenso kuti njirayi imadalira chiwerengero chachikulu: pa mabanja 200 ndi yabwino, pa 20 njokayikitsa. Komanso sibweza kulondola kumene OLS inataya, imangonena zoona za chikayiko.

Ngati funso lakuuzani, nkhani yasintha. Tinene lalemba kuti:

```
Var(u) = σ² × ndalama²
```

Apa woyesa akufuna WLS, njira yopereka kulemera kosiyana kwa banja lililonse, kwambiri kwa lokhazikika, pang'ono kwa lomwazikana. Lamulo lake ndi kugawa chilichonse ndi sikweya ruti ya chinthu chimene chachulukitsa σ². Pano sikweya ruti ya ndalama² ndi ndalama:

```
chakudya/ndalama = b0(1/ndalama) + b1 + b2(anthu/ndalama) + u/ndalama
```

Kumwazikana kwa chotsalira chatsopano ndi σ² yokha, yofanana kwa onse, ndipo OLS pa mzere watsopanowu yabwerera pa ulemu wake. Taonani zinthu ziwiri. Nambala yokhazikika b0 nayo yagawidwa; ambiri amaiwala. Ndipo b1, imene inali kuchulukitsa ndalama, yatsala yokha ngati nambala yokhazikika ya mzere watsopano, koma tanthauzo lake ndi lomwe lija: K1,000 yowonjezera imapita ingati ku chakudya. Funso likanalemba ndalama popanda sikweya, mukanagawa ndi sikweya ruti ya ndalama. Kugawa ndi ndalama yonse pamenepo ndi kumwa mankhwala opyola muyezo: fanulo imangotembenuka, kukamwa kwake nkuloza kwa osauka.

Pali mtundu wina wa funso umene suulula fomula koma umaibisa m'mawu. Likati dontho lililonse ndi avereji ya boma, lina kuchokera ku mabanja 30, lina 300, mwauzidwa kale. Avereji ya anthu ambiri imakhazikika kuposa ya ochepa, kumwazikana kwake ndi σ² kugawa ndi chiwerengero cha mabanja, choncho mumachulukitsa chilichonse ndi sikweya ruti ya chiwerengerocho. Kumeneku ndi kumene WLS ili kwawo kwenikweni, chifukwa kulemerako sikongoganizira.

Nanga logarithimu? Nthawi zambiri imathinitsa fanulo, ndipo pa ndalama ndi chakudya ndi yomveka. Koma imasintha funso: kowefishenti imayamba kunena za maperesenti, osati makwacha, ndipo siigwira pamene pali ziro. Ine ndimaitchula ngati njira yowonjezera, osati yankho lalikulu, pokhapokha girafu itaonetsa kuti mzere weniweniwo ndi wopindika.

Pa funso lathu la mabanja 200, limene silinatchule mmene kumwazikana kumakulira, yankho lokwanira likhoza kukhala ndime imodzi. Ganizo loyambira ndi kumwazikana kofanana. LM ndi 200 kuchulukitsa 0.08, ndiyo 16, yoposa 5.99, choncho tikukana pa 5%. Makowefishenti sanapotoke, koma masitandadi era oyamba ndi olakwika ndipo OLS siyolondola koposa. Popeza maonekedwe a kumwazikana sakudziwika ndipo mabanja ndi ochuluka, tikugwiritsa ntchito masitandadi era a White. Ndi amenewo, ndalama ikadali ndi umboni wokwanira, t yake ndi 4.3, pamene kukula kwa banja, pa 1.67, kulibe.