Zikomo Wanu Akafike Dzuwa Lisanalowe

Anthu ambiri akatuluka mu intavyu amangopumira m'mwamba, kuvula tayi, n'kuyamba kudikira foni. Komatu pali kantchito kena kosafuna mphindi zambiri: kulembera amene anakufunsani mafunso uthenga wothokoza, tsiku lomwelo. Ku America mwambo umenewu ndi wozolowereka kwambiri pakati pa ofuna ntchito. Kwathu kuno sunafale, choncho amene waulemba bwino amakumbukika msanga.

Kufulumiraku kuli ndi chifukwa chake. Ofunsa mafunso amaona anthu angapo motsatizana, ndipo pofika madzulo nkhope ndi mayankho zimayamba kusakanikirana m'mutu. Nthawi zambiri amakambirana za amene wapambana tsiku lomwelo kapena mawa lake. Uthenga wofika patatha sabata umapeza nkhani itatha kale.

Mphamvu ya uthengawu ili pa chinthu chimodzi: uzitchula nkhani yeniyeni imene munakambirana m'chipindamo. Tiyerekeze kuti mtsikana wina wafunsira ntchito yosunga katundu pakampani yogulitsa feteleza ndi mbewu ku Kanengo. Mkati mwa intavyu, mayi amene amayang'anira nthambiyo adandaula kuti mvula ikamayandikira, magalimoto amachuluka, ndipo matumba olembedwa m'buku sagwirizana ndi amene ali m'nyumba yosungiramo katundu. Mtsikanayo anayankhapo, koma mantha anamudula mawu. Madzulo akhoza kulemba motere:

"Mayi, zikomo chifukwa cha mpata umene munandipatsa m'mawa uno pa ntchito ya wosunga katundu. Ndakhala ndikuganizira zimene munanena zoti matumba sagwirizana ndi buku mvula ikamayandikira. Kumene ndinkagwira ntchito tinkawerenga katundu wothamanga madzulo alionse, osadikira kutha kwa mwezi, ndipo cholakwika chinkapezeka woyendetsa galimoto asanaiwale zimene ananyamula. Ndingakondwe kudzagwira nanu ntchito imeneyi."

Ziganizo zinayi basi, kenaka dzina ndi nambala ya foni. Mayi aja akawerenga adziwa kuti mtsikanayu ankamvetsera, vuto lawo analigwira, ndipo ali ndi njira imene anaiyesapo kale. Chiganizo chachiwiri chija n'chimene ndimachiona chofunika kuposa zonse. Mukafuna kudziwa ngati uthenga wanu uli bwino, dzifunseni ngati mungautumize osasintha kanthu kukampani ina iliyonse. Ngati n'zotheka, ndiye kuti simunanene kanthu. Mawu oti "ndine wolimbikira ntchito komanso wokhulupirika" aliyense amalemba.

N'chifukwa chake ntchitoyi imayambira pageti, musanakwere minibasi. Lembani papepala mayina a amene anakufunsani, maudindo awo, ndi nkhani imodzi imene inawakhudza. Dzina mulilembe molondola monga lilili pakalata yokuitanani. Kulakwitsa dzina la munthu mu uthenga womuthokoza kumapweteka kuposa kungokhala chete. Lembani m'chilankhulo chimene munagwiritsa ntchito pa intavyu, chimene nthawi zambiri chimakhala Chingerezi, ndipo muwerenge kawiri musanatumize.

Apa pali malo oterera amene tiyenera kuwanena poyera. Zolengeza ntchito zambiri m'nyuzipepala zimachenjeza kuti aliyense woyesa kunyengerera olemba ntchito adzachotsedwa pamndandanda. Kuthokoza ndi kunyengerera zimasiyana, koma malire ake ndi opyapyala. Choncho gwiritsani ntchito njira imene iwo anakuitanirani. Ngati inali imelo, yankhani pa imelo yomweyo, ndipo ngati ofunsa anali angapo, pemphani amene anakuitananiyo kuti awafikitsire kuthokoza kwanu. Musasakesake nambala ya foni ya bwana kudzera kwa msuweni wanu n'kumulembera pa WhatsApp usiku. Musatchule achibale amene mumadziwana nawo, musafotokoze mavuto a kunyumba, musafunse kuti mwakhoza bwanji, ndipo za mphatso musaziganizire n'komwe. Mawu oti "mundiganizireko bwana" amasandutsa zikomo kukhala pempho, ndipo munthu wachilungamo akawawerenga amayamba kukukayikirani.

Pa ntchito za boma, kumene ofunsa amapereka malikisi papepala motsata ndondomeko yokhazikika, uthenga wotere susintha kanthu, ndipo ngati simunapatsidwe adiresi yolemberako, ndi bwino kuusiya. Umagwira ntchito kwambiri m'makampani ndi m'mabungwe omwe si aboma, makamaka pamene amene anakufunsaniyo ndi amene mudzagwire naye ntchito. Ngakhale kumeneko, sungakonze intavyu imene yalakwika. Umathandiza pamene anthu awiri afanana mphamvu ndipo olemba ntchito akusowa pogwira.

Mukatumiza, musadabwe akapanda kuyankha, pakuti ambiri sayankha. Musatumizenso wina mawa lake. Dikirani mpaka tsiku limene ananena kuti adzakudziwitsani lidutse, ndipo pamenepo mukhoza kufunsa mwaulemu, kamodzi, pa imelo yomwe ija.